Ndinawauza Kuti Apite mu Febuluwale

Bambo anga anali telala, ndipo akawunti yawo yonse inali chitini cha mabisiketi. Chikalemera ankati bizinesi ili bwino. Chikapepuka ankati Mulungu adziwa. Kwa zaka zambiri zinkayenda choncho, mpaka ine mwana wawo wamkazi, wapakamwa ngati mmene mukundimveramu, ndinalowa m'shopumo nditasiya ntchito ya patilu m'sitolo ya m'tauni.

Shopu yathu inali kachipinda kamodzi kuseri kwa butchala ku Mufakose. Munali makina awiri osokera, tebulo lodulirapo, simbi ndi benchi ya makasitomala. Tinkasoka mayunifomu a sukulu. Pakati pa matemu tinkadya za zigamba, mazipi ndi kufupikitsa mathalauza. Amayi anali atamwalira kale, ndiye panyumba tinali atatu: bambo, ine ndi mwana wanga wamkazi.

Bambo anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Ntcheu, nkuyambira ntchito pa famu ya fodya. Kumudzi anasiya mlongo wawo mmodzi, wamng'ono kwa iwo, azakhali anga amene ine sindinawaonepo ndi maso. Awiriwo anali atatha zaka zoposa makumi atatu osaonana. Ankangolankhulana pa foni ya mdzukulu wa azakhaliwo, netiweki ikalola. Anthu a m'mashopu onse ankawaitana bambo kuti Achimwene, ena mwaulemu, ena mongoseka Chishona chawo chopindika. Bambo ankati Harare yonse itha kuwatcha choncho, koma amene amatchula dzinalo likumveka ndi mmodzi yekha, ndipo ali ku Ntcheu.

Chaka cha m'mbuyo mwa zimene ndikufotokozazi tinapsa. Novembala atafika chitini chinali mbee, pamene nsalu ya mayunifomu a Januwale tisanagule. Bambo anakatenga katapila, chimene kuno amati chimbadzo, nkuika makina awo akale ngati chikole. Titachedwa kubweza, mwini ndalamayo anafika ndi ngolo kudzawanyamula. Ndinachita kugwada pakhomo pa shopu, anthu ogula nyama akuonerera, ine amene sindigwadira munthu. Tinawapulumutsa makinawo, koma phindu lonse la Januwale linapita kwa munthu ameneyo. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti zoterezi sizidzachitikanso ndili moyo.

Amene anandiphunzitsa zowerengera ndalama papepala anali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe anagwirapo ntchito yowerengera ndalama ku fakitale ya nsapato. Nditamudandaulira anandifunsa funso limodzi.

“Kodi bizinesi yanuyo imaluza?”

“Ayi mayi, pachaka timapeza phindu.”

“Ndiye vuto lanu si phindu. Vuto ndi lakuti ndalama zimatuluka mwezi wina nkubwera mwezi wina. Lendi sadikira phindu la pachaka.”

Anandionetsa kajambulidwe kake, ndipo ndi kophweka moti ndinachita manyazi. Mwezi uliwonse uli ndi danga lake. Pamwamba umalemba ndalama zimene wayamba nazo mweziwo. Kenako zimene ukuyembekeza kuti zilowa m'manja, kenako zimene zituluka. Uphatikize zoyamba nazo ndi zolowa, uchotse zotuluka, zotsalazo ndiye zoyamba nazo mwezi wotsatira. Anandigogomezera chinthu chimodzi: ndalama uzilembe pa mwezi umene uzigwire m'manja, osati pa mwezi umene wagulitsa katundu. Mwezi umene zotsala zapita pansi pa ziro, ulembe ndi bolopeni yofiira. Umenewo ndiye mwezi umene udzagwadire munthu.

Kumayambiriro kwa Julaye bambo anafika m'shopu atavala jekete la kutchalitchi, pakati pa sabata. Anatulutsa pasipoti yawo yatsopano, imene anaivutikira miyezi yambiri, nkuiika patebulo lodulira. Kenako anatsegula chitini. Munali madola 900, zotsala za majuzi ndi matirakisuti a nyengo yozizira. Chitini chimenecho chinali chisanalemerepo choncho.

“Mwana wanga, ndikupita kumudzi mwezi uno. Ndikamuone mlongo wanga.”

Anali atawerengera kale: basi popita ndi pobwera, tinthu ta panjira, shuga, sopo, bulangeti, ndi kangachepe kosiyira azakhali. Zonse madola 400. Anati zotsala 500 nzambiri, sitinakhalepo nazo mu Julaye.

Ine ndinatenga pepala lakhaki lija timadulira mapatani, ndi rula yaitali, nkujambula madanga asanu ndi atatu, kuyambira Julaye mpaka Febuluwale. Ndinakhala nalo masana onse, ndikufufuza m'mabuku a malisiti a chaka chatha. Bambo ankangosoka, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Mwezi uliwonse, tisoke tisasoke, madola 300 ankatuluka: lendi ya shopu, magetsi, ulusi ndi zakudya za panyumba. Julaye ndi Ogasiti zolowa zinali zochepa, za zigamba basi. Sepitembala, potsegulira temu yachitatu, chitini chinkabwereranso pa 900. Koma Okutobala tinkayenera kugula nsalu ya madola 350, Novembala ina ya 300, chifukwa yunifomu ya Januwale siisokedwa mu Januwale. Popanda ulendo uliwonse, Okutobala ankatha ndi 450, Novembala ndi 50, Disembala ndi madola 20 okha. Tinkadutsa, koma chodutsa pa ulusi. Nditachotsa 400 ya ulendo, Okutobala anatsala ndi 50, Novembala anaperewera 350, Disembala anaperewera 380. Ndinatenga bolopeni yofiira ija.

Bambo anavala magalasi nkuwerama papepalapo nthawi yaitali.

“Nanga 600 ya sukulu ija ili pati?”

Panali sukulu ina yaing'ono ya munthu payekha imene inatipatsa oda ya mayunifomu a Januwale. M'mutu mwa bambo ndalama imeneyo inali kale yathu kuyambira tsiku limene anagwirana chanza ndi ahedi. Ndinawalozera danga lomaliza.

“Ili apa, mu Febuluwale. Tipereka katundu mu Januwale, koma iwo amalipira makolo akamaliza kupereka fizi. Chaka chatha analipira liti? Mwaiwala?”

“Ndiye tigule nsalu mochedwerapo.”

“Mu Disembala? Nsalu ya buluu ija imasowa, mtengo umakwera, ndipo tisoka liti madiresi onsewo anthu awiri?”

“Tipemphe ahedi atipatseko theka.”

Tinapempha. Anakana mwaulemu, nkunena kuti atelala ndi ambiri.

Apa ndiye pakamwa panga panandipweteka. Ndikanatha kulankhula mofatsa, koma ndinali ndikumvabe kuwawa kwa maondo aja. Ndinawauza kuti madola 900 amene akuwaona m'chitinimo si awo, ndi a Novembala, angofika msanga. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti ndikagwadenso pamaso pa anthu ogula nyama. Ndinati mwadikira zaka makumi atatu, miyezi isanu ndi iwiri ikuphani? Mawu amenewo ndinawanena ine, ndi kamwa langali.

Bambo sanakalipe. Anayendetsa chala chawo pa madanga onse, limodzilimodzi, mpaka kumapeto. Januwale ankatha ndi 520, koma ndi mwezi umene manja awo ankafunika kwambiri m'shopu. Febuluwale ankatha ndi 820.

“Ndiye mwezi wanga ndi uno?”

“Umenewo bambo. Mukapita ndi mtima umodzi, opanda ngongole. Kuona maso a nkhono nkudekha.”

Anatenga choko chawo cholembera nsalu nkuzunguliza Febuluwale. Pasipoti anaibwezera m'thumba la jekete. Madzulo ake ndinawamva akulankhula pa foni kuseri kwa nyumba, akuti, “Mvula ikamatha ndifika, mlongo wanga. Mwanayu wawerengera bwinobwino, wapita kusukulu uyu.” Ankandinyadira, abale. Ndicho chimandipweteka kwambiri.

Pepalalo tinalikhoma pakhoma pamwamba pa simbi. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndinkalemba ndi pensulo zimene zachitikadi pambali pa zimene tinayembekeza. Ogasiti tinapitirira ndi madola 15. Sepitembala tinaperewera 30 chifukwa magetsi anazima sabata yathunthu, ndipo ndinakonza manambala a miyezi yotsatirayo. Okutobala tinabweza 30 ija ndi madiresi a ukwati wina. Pepala linkanena zoona, ndipo ine ndinkayenda modzikuza ngati ndatulukira mankhwala a njala. Ngakhale bambo anayamba kulikhulupirira. Ankaitana anzawo a m'mashopu kudzaona, nkumati, “Onani, mwana wanga amadziwa za Disembala tili mu Okutobala.”

Pa nsalu ya Okutobala ija bambo anawonjezera mamita anayi a chitenje chobiriwira. Ndinachiona pa lisiti ndipo ndinafunsa, monga mwa khalidwe langa, kuti chimenechi chili pa danga liti. Anati achotsa pa fodya wawo. Anasiyadi fodya miyezi iwiri. Ankasokera azakhali diresi, pang'onopang'ono, nthawi ya nkhomaliro. Miyezo analibe. Anafunsa pa foni kuti kodi wanenepa kapena ukadali kamtsikana kaja, azakhali nkuseka mpaka kutsokomola. Anasiya msoko waukulu m'mbali kuti akakonzere komweko.

Chakudza sichiimba ng'oma. Sabata yachiwiri ya Disembala, Lachiwiri m'mawa, foni inalira tili mkati mosoka makolala. Anali mdzukulu uja. Anati agogo ake, azakhali aja, agonekedwa kuchipatala, chifuwa chawatsekera, sakudya, ndipo akungofunsa kuti achimwene afika liti.

Bambo anaimirira, nkupita pa shelefu, nkutsegula chitini. Munali madola 35.

Ndinayang'ana m'shopumo. Kuyambira pansi mpaka kudenga munali mayunifomu, osita bwino, opindidwa m'mapulasitiki, olembedwa masaizi. Katundu woposa madola chikwi. Tinali olemera kuposa kale lonse, koma basi sakwera ndi malaya a sukulu.

Masiku anayi amenewo ndinathamanga ngati wamisala. Ndinapita kusukulu kuja, ndinapeza atatseka, mlonda yekha ali pageti. Ndinaimbira ahedi, anati ali kumudzi ndipo osunga ndalama abwera mu Januwale. Ndinapita kwa amayi a mukando, gulu lathu losonkherana ndalama, koma anali atagawana kale za Khirisimasi kumayambiriro kwa mwezi, aliyense atagula mafuta ndi mpunga. Ndinanyamula chikwama cha mayunifomu nkukwera kombi, minibasi ya kuno, kupita kumsika waukulu wa Mbare Musika, kukaima pakati pa anthu ogulitsa tomato, ndikukuwa theka la mtengo. Ndani amagula yunifomu Khirisimasi isanadutse? Mayi wina anandiseka, akuti ndibwere mwana wake akadziwa kalasi. Ndinagulitsa madiresi asanu tsiku lonse.

Ku Mbare komweko ndinafunsa mtengo wa basi. Unali utakwera, poti ndi nyengo imene aliyense akupita kwawo. Zimene mu Julaye zinali zokwanira kupita ndi kubwera, tsopano zinkangopitirira pang'ono ulendo wopita wokha, ndipo mipando inali yodzaza mpaka Loweruka.

Lachinayi ndinawauza bambo kuti ndikupita kwa wachimbadzo uja. Ine ndemwe, amene ndinalumbira. Ndinati atenge makina onse awiri ngati akufuna, ndigwada pamaso pa Mufakose yense. Ndinapitadi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nkunena kuti ndalama zake zonse zili kunja, Disembala aliyense amabwereka, ndibwere Lolemba.

Pofika Lachisanu masana tinali ndi madola 190, kuphatikiza zimene anatibwereka abusa ndi mwini butchala. Ndinati bambo apite ndi zomwezo Loweruka, zobwerera tidzatumiza. Anapinda diresi lobiriwira lija nkuliika m'chikwama pamodzi ndi pasipoti. Anapita kukameta tsitsi.

Foni inalira ali kometa kuja. Ndinayankha ine. Azakhali anali atatisiya cha m'ma leveni, ndipo maliro anali mawa lake, chifukwa kumudzi kulibe kosungira thupi. Basi ya Loweruka ikanafika Lamulungu.

Ndinawaona bambo akubwera poteropo, tsitsi lometa bwino, akupereka moni kwa anthu. Mayo ine! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Atalowa anangondiyang'ana kumaso, nkukhala pa benchi ya makasitomala, pamene sankakhalapo nkomwe. Anavula chipewa. Patapita nthawi anafunsa kuti, “Anadya kanthu asanapite?”

Madola 190 aja tinatumiza kumudzi kuti athandizire bokosi. Panyumba pathu anthu a kutchalitchi ndi a kwathu anasonkhana masiku awiri, kuimba nyimbo za maliro opanda mtembo. Lolemba bambo anatsegula shopu nthawi yake. Anasoka Disembala yense ndi Januwale yense osadandaula, osaimbanso nyimbo ya kwaya ija. Sananditchulepo mlandu ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandilalatira, akanang'amba pepala lija, akananditchula mwana wopanda mtima. Ine ndi munthu wodziwa kuyankha mkangano. Chete ameneyo sindinkadziwa pomugwira.

Ndakhala ndikuwerengera nkhaniyi kambirimbiri, mwina kuposa mmene ndinawerengera pepala lija. Akanapita mu Julaye, Novembala tikanaperewera 350. Zimenezo nzoona lero monga zinalili tsiku lija. Mwina tikanataya oda ya sukulu, mwina makina akanapita pa ngolo, mwina mwana wanga akanakhala panyumba temu yathunthu. Mayi wa kutchalitchi uja anandiuza kuti ndisadzizunze, pepala silinaname. Ndikudziwa kuti silinaname. Koma linandionetsa vuto miyezi inayi lisanafike, ndipo miyezi inayi ndi nthawi yokwanira kufunafuna 380. Ndikanatha kusinthana ndi mnzanga wa mukando kuti ndilandire mu Novembala. Ndikanatha kupempha mwini chipinda cha shopu kuti lendi ya miyezi iwiri tidzapereke mu Januwale. Ndikanatha kuuza makolo odziwika kuti alipiretu theka. Ntchito ya bolopeni yofiira inali imeneyo, kundiuza kuti yamba kuthamanga lero. Ine ndinaona kufiirako nkusankha njira yosavuta, yochotsa chinthu chimodzi chimene sichikanandikalipira. Lendi ikanakalipa. Wogulitsa nsalu akanakalipa. Bambo okha ndi amene akanati chabwino mwana wanga.

Januwale makolo anabwera monga mwa nthawi zonse, mzere mpaka pa butchala. Tinabweza ngongole ya abusa ndi ya mwini butchala. Sabata yachitatu ya Febuluwale sukulu ija inalipira 600 yake yonse. Tsiku lomaliza la mwezi ndinawerenga za m'chitini, ndipo ngakhale titabweza ngongole zija munali madola 700 ndi kanthu. Chikhala kuti si maliro, pepala likanalondola pafupifupi dola ndi dola.

Ndinapatula 400 nkuika mu envelopu. Ndinadikira kuti makasitomala achoke, nkukaiika pa makina awo, pafupi ndi dzanja lawo.

“Bambo, Febuluwale uja wakwana. Pitani mukaone manda.”

Anaimitsa makina. Anayang'ana envelopuyo, kenako anayang'ana pakhoma, pa danga lija anazunguliza ndi choko. Chokocho chinali chitayamba kufufutika ndi nthunzi ya simbi.

“Unawerengera bwino, mwana wanga,” anatero. “Zakwanadi.”

Anaikankhira envelopuyo kwa ine ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, ngati mmene amakankhira nsalu pansi pa singano.

“Koma ndikafika pa basi paja, adzandithamangira ndani? Ikani m'chitini. Meyi akubwera, mudzafuna ubweya wa majuzi.”

Anandiyankhula ndi ulemu wa munthu wamkulu, “ikani”, “mudzafuna”, ngati akulankhula ndi bwana wawo. Kuyambira ndili mwana anali asanandiyankhulepo choncho. Ndinatuluka nkukalira kuseri kwa butchala, pamene amataya mafupa.

Sanapitenso kumudzi. Pasipoti ija inakhala m'thumba la jekete yopanda chidindo ngakhale chimodzi, mpaka tsiku limene tinawaveka jeketelo komaliza, patatha zaka ziwiri. Shopu ilipobe. Ndili ndi makina anayi tsopano, ndipo kwa wachimbadzo sindinapitekonso. Chaka chilichonse ndimajambulabe madanga anga papepala lakhaki, ndipo atelala anzanga amabwera kuti ndiwaphunzitse. Ndimawaphunzitsa zonse, zoyamba nazo, zolowa, zotuluka, bolopeni yofiira.

Diresi lobiriwira lija lili m'shelefu ya pansi, kuseri kwa mipukutu ya nsalu. Mwezi wathawu mwana wanga analipeza akusesa, nkulitambasula, nkundifunsa kuti ndi la kasitomala uti amene sanabwere kudzatenga, ndipo bwanji m'mbali mwake simunamalizidwe. Ndinamuuza kuti alibwezere pomwe walipeza. Msoko uja ukadali waukulu, mmene bambo anausiyira kuti akayese mlongo wawo akafika.